Kwaya yokha imakhazikika, kiyibodi ikalowa "mi" amanjenjemera: wolakwa ndani?

Mayi_Alito_Zomba
Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa kwaya pa mpingo wathu, chaka chino ndi cha 9. Pali chinthu chikundisowetsa mtendere. Pa pulakatisi timaimba popanda chida chilichonse, ndipo tikafika pa khodi yomaliza, besi ali pa do, tenala pa so, alito pa mi, mawu amakhazikika bwinobwino ngati madzi a mumtsuko. Lamulungu mnyamata wathu akayatsa kiyibodi, khodi yomweyo imayamba kunjenjemera, makamaka akaika mawu a ogani. Alito anga amayamba kuyang'anana ngati alakwitsa. Kiyibodiyo ndi yatsopano, tinachita kusonkherana. Kodi yawonongeka kale, kapena makutu athu ndiwo ali ndi vuto?

Kiyibodisti_wa_Bangwe
Mayi, kiyibodi siphonya. Ndi makina, noti iliyonse inayezedwa ku fakitale. Kwaya yanu ndi imene ikutsika. Muziphunzira nayo kiyibodiyo pa pulakatisi pomwe, azolowera.

Mayi_Alito_Zomba
Achimwene, kutsika ndimakudziwa, kwaya yonse imatsikira limodzi. Apa besi ndi tenala akugwirizana ndi kiyibodi. Ndi mi yekha amene akukangana nayo.

Madala_Wochuna
Mayi, makutu anu ali bwino ndipo kiyibodi yanu ili bwino. Ndachuna mapiyano ku Joni kwa zaka zoposa 20, ndipo chimene mukumvacho ndi chimene ine ndimaika dala m'piyano iliyonse.

Noti imodzi ikalira, simumva liwu limodzi lokha. Pamwamba pake pamakhala timawu tina tobisika, kena kothamanga kawiri kuposa noti yeniyeniyo, kena katatu, kanayi, kasanu. Manoti awiri amakhazikika timawu tawo tobisikato tikagwera pamalo amodzi. Tiyeni titenge C wapakati, amene amagwedezeka ka 261.63 pa sekondi. Kaliwu kake kachisanu kali pa 1308.1. Alito anu akamafuna mi ndi khutu, amaima pamene kaliwu kachinayi ka mi kagwera pa 1308.1 pomwepo, ndiye kuti mi wawo ali pa 327.03. Koma E wa pa kiyibodi ali pa 329.63, ndipo kaliwu kake kachinayi kali pa 1318.5. Chotsani 1308.1 pa 1318.5, mupeza 10 ndi kanthu. Ndiko kunjenjemera kumene mukumva: kugunda pafupifupi ka 10 pa sekondi iliyonse.

Do ndi so wa pa kiyibodi amagunda kosakwana kamodzi pa sekondi, n'chifukwa chake tenala anu sakudandaula. Ndipo mawu a ogani amaulula kwambiri chifukwa satha msanga. Pa piyano noti imayamba kuzirala khutu lisanawerenge bwino.

Kiyibodisti_wa_Bangwe
Madala, mukutanthauza kuti makampani onse amapanga zida zolakwika dala? Bwanji osangoika E pa 327 nkhani n'kutha?

Aphunzitsi_Masamu
Ndilowepo, chifukwa funso limeneli ndi la samu. Do ndi so woyera ndi 3 pa 2: so amagwedezeka katatu pamene do wagwedezeka kawiri. Do ndi do wapamwamba ndi 2 pa 1. Yambani pa C, kwerani kupita kwa so wake, G. Muyese G ngati do, kwerani kwa so wake, D. Mukachita zimenezi ka 12 mumayenera kubwerera pa C, mutakwera maokitevu 7. Koma onani:

```
(3/2)^12 = 129.746
2^7      = 128
```

Sizikumana. Mumapitirira C pang'ono, ndipo palibe katswiri angakonze zimenezi, chifukwa mukachulukitsa ma 3 okhaokha simungapeze nambala imene mungaipeze pochulukitsa ma 2 okhaokha. Kampata kotsalako kamadziwika ndi dzina la Pythagoras. Oimba amayeza ndi masenti, sitepe imodzi ya pa kiyibodi ndi masenti 100, okitevu ndi 1200, ndipo kampatako ndi masenti pafupifupi 23 ndi theka. Aliyense wochuna chida cha mabatani 12 ayenera kusankha pokabisa.

Kachunidwe kofanana, kamene kali m'kiyibodi ya Mayi, kamakagawa 12 n'kupatsa so aliyense kachidutswa. So woyera ndi masenti 702, wa pa kiyibodi ndi 700. Zochepa. Koma mi ndiye amalipira ngongole yaikulu: woyera ndi 386, wa pa kiyibodi ndi 400.

Tenala_ku_Leeds
Zonsezi anazithetsa ndi Bach. Analemba nyimbo m'makiyi onse 24 pofuna kuonetsa dziko kuti kachunidwe kofanana ndiye kabwino. Kuyambira pamenepo aliyense anatsatira. Zinazo zinali za anthu osadziwa samu bwino.

Madala_Wochuna
Bambo a ku Leeds, theka la zimene mwanena ndi loona. Bach anamalizadi buku loyamba la nyimbo za m'makiyi onse 24 mu 1722. Koma pa chikuto analemba mawu a Chijeremani otanthauza chida chochunidwa bwino, sanalembe kuti chochunidwa mofanana. Ndi zinthu ziwiri. Mmene iye mwini ankachunira, akatswiri akukanganabe mpaka lero. Ndipo si zoona kuti aliyense anatsatira pomwepo. Kampani yaikulu yopanga mapiyano ku London, Broadwood, inayamba kuchuna mofanana m'zaka za m'ma 1840, Bach atamwalira kalekale mu 1750. Maogani ambiri a m'matchalitchi a ku England komwe muliko anachedwa kuposa apo.

Zoti akale sankadziwa samu, ayi. Zhu Zaiyu, kalonga wa ku China, anawerengera masitepe 12 ofanana molondola kwambiri mu 1584. Simon Stevin wa ku Netherlands anachitanso samu yomweyo chapanthawi yomweyo. Oimba a ku Ulaya ankakadziwa kachunidwe kofanana kwa zaka zoposa 200, ndipo oimba ambiri a ogani ndi a hapusikodi, chida chakale cha mabatani chonga piyano, ankakakana. Ankamva chimene Mayi akumva, n'kunena kuti mi wotere sitimufuna.

Mayi_Alito_Zomba
Nanga ankachuna bwanji, Madala? Ngati anali ndi njira yosunga mi wanga, ndikufuna ndiidziwe.

Madala_Wochuna
Anali nayo, Mayi. Dzina lake minitoni, ndipo Pietro Aaron wa ku Italy anaifotokoza mu 1523. Nzeru yake ndi iyi. Mukakwera ma so anayi kuchokera pa C, ndiye C, G, D, A, E, mumafika pa E. Ma so onsewo akakhala oyera, E ameneyo amakwera kwambiri, masenti 408, woipa kuposa wa pa kiyibodi yanu. Kuti atsike kufika pa 386 pafunika kuchotsa masenti 21 ndi theka. Ndiye ankagawa zimenezo panayi, so aliyense n'kumufinya ndi masenti 5 ndi kanthu. So amagunda pang'ono, koma mi amakhala phee.

Mukachuna chida chonse motero, kuyambira Eb mpaka G#, mumapeza ma do ndi mi oyera 8: pa Eb, Bb, F, C, G, D, A ndi E. Ndinamvako ogani yaing'ono yochunidwa chonchi. Khodi ya C imene ndinaimva tsiku limenelo sindinaimvepo pa piyano iliyonse imene ndachuna. Imamveka ngati chipinda chakula.

Mtengo wake umaonekera pothera mzere. Zonse zimene munafinya m'ma so 11 zimakaunjikana pa wa 12, pakati pa G# ndi Eb. Ameneyo amafika masenti 738 m'malo mwa 702. Amalira moti akale anamutcha mmbulu. Ndipo makhodi anayi, a B, F#, C# ndi Ab, mi wawo amafika 427. Simungaimbire anthu zimenezo. Nyimbo ya mu Ab pa ogani ya minitoni siimbika.

Besi_Wamkulu
Ndiye nkhani yatha. Mpingo wathu theka la nyimbo timaimba mu Ab ndi Eb chifukwa ndimo mawu a amayi amakwanira. Chida chimene chikukana Ab ndingachitenge n'chitani?

Madala_Wochuna
Mu Eb mukanaimbako, koma khodi ya fa mu Eb ndi Ab yemweyo, ndiye mukanagundana nayebe mmbulu. Akale ankayesa kuzemba. Ku Italy kunali zida zimene batani lakuda linali lodulidwa pakati, kutsogolo G#, kumbuyo Ab, chifukwa mu minitoni manoti awiriwa ndi osiyana ndi masenti 41, G# ndiye wotsika. Koma mabatani akachuluka, chida chimakwera mtengo ndipo zala zimasokonekera.

Gitala_Ndirande
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Ine gitala yanga ndikachuna ndi khutu kuti khodi ya G ikome, ndikapita pa E imamveka zachilendo. Ndikakonza E, G yawonongeka. Ndasintha nsambo kawiri. Ndi matenda omwewa kapena khosi la gitala lapindika?

Aphunzitsi_Masamu
Yesani kaye izi: gwirani nsambo pa fureti 12, muyerekeze ndi kaliwu kamene kamalira mukangoikhudza pang'ono pamalo omwewo. Zikasiyana, vuto ndi la gitala. Zikafanana, ndi matenda omwewa. Pa khodi ya G, nsambo ya B ndi mi, ndiye khutu lanu limaitsitsa. Pa khodi ya E, B yemweyo ndi so, ndipo so wotsitsidwa ndi masenti 14 ndi wowawa.

Gitala ndi mboni yabwino pa nkhaniyi. Fureti imodzi imadutsa nsambo zonse, ndiye simungapatse nsambo iliyonse masitepe akeake. N'chifukwa chake oimba zida za mafureti anayamba kuyandikira kachunidwe kofanana kale kwambiri. Vincenzo Galilei, bambo ake a Galileo, analemba mu 1581 kuti fureti iliyonse izifupikitsa nsambo ndi gawo limodzi mwa magawo 18. Zimenezo zimapereka masenti 99, pafupi kwambiri ndi 100.

Gitala_Ndirande
Ndayesa, zikufanana. Ndiye ndinataya ndalama za nsambo pachabe.

Tenala_ku_Leeds
Chabwino Madala, za Bach ndavomera. Koma ngati minitoni sinkalola makiyi onse, ndipo Bach sanagwiritse kofanana, nyimbo 24 zija ankaziimba pa chiyani?

Madala_Wochuna
Pakati pa ziwirizi panali njira yachitatu, ndipo kwa ine ndi imene kutayika kwake kumandipweteka. Andreas Werckmeister anasindikiza imodzi yotchuka mu 1691. Anatenga kampata ka Pythagoras kaja n'kukagawa panayi, osati pa 12. Anafinya ma so anayi okha, C ndi G, G ndi D, D ndi A, B ndi F#. Ena 8 anawasiya oyera. Mmbulu anatha, makiyi onse anaimbika. Koma sanafanane. Mi wa pa C ndi wa pa F anali masenti 390, pafupi ndi woyera. Mukamatalikira kupita kwa mashapu ndi mafulati ambiri mi amakwera pang'onopang'ono, mpaka 408 pa F#, Db ndi Ab.

Taganizani tanthauzo lake kwa wopeka nyimbo. Akayamba mu C zinthu zili pa mtendere. Akapita kutali khodi iliyonse imayamba kuuma, womvera amamva kuti tachoka kwathu, ngakhale sadziwa dzina la kiyi. Akabwerera mu C thupi limamasuka. Pa kiyibodi ya lero, C ndi Db ndi chinthu chimodzi, china n'chokwera chabe. Mi aliyense ndi 400. Palibe woipa ngati 408, palibenso wokoma ngati 390.

Kiyibodisti_wa_Bangwe
Koma ine ndimamva kusiyana, Madala. Db pa kiyibodi yanga imamveka yofewa kuposa D.

Aphunzitsi_Masamu
Chitani mayeso. Ikani `Transpose` pa +1, muimbe ndi zala za C, mnzanu amvere osaona. Kenako bwezani pa 0 muimbe ndi zala za Db. Manoti ndi omwewo, ndiye akasiyanitsa, kufewako kuli m'zala zanu, mmene mumagundira mabatani akuda.

Besi_Wamkulu
Ine ndikuonabe kuti tikulira maliro a chinthu chimene anthu anachisiya ndi zifukwa zomveka. Madala, nenani chilungamo, anakakamizidwa ndi ndani?

Madala_Wochuna
Palibe anawakakamiza, Bambo, ndipo zifukwa zinalipo. Nyimbo zomwe zinasintha. Opeka a m'zaka za m'ma 1800 anayamba kukonda kulowa pa noti ngati G# n'kutuluka nayo ngati Ab, kuti nyimbo itembenukire ku kiyi yakutali mwadzidzidzi. Kuti zimenezo zitheke bwino manoti awiriwo ayenera kukhala amodzi. Anakondanso makhodi odula okitevu m'zigawo zofanana. Yesani kuunjika ma do ndi mi oyera atatu, C, E, G#, kenako C: mumaperewera masenti 41. Ndi 400 katatu mumafika pa 1200 ndendende. Jean-Philippe Rameau, wopeka nyimbo wa ku France amene poyamba ankayamikira kusiyana kwa makiyi, anatembenuka mu 1737 n'kuyamba kulimbikitsa kofanana. Nyimbo zinali zikupita kumeneko.

Chinanso ndi piyano yomwe. Hapusikodi mwini wake ankaichuna yekha kawirikawiri, ndipo akafuna kuimba mu kiyi ina ankatha kusintha manoti awiri atatu. Piyano ili ndi nsambo zoposa 200 zomangika kwambiri, mumaitana munthu ngati ine kamodzi kapena kawiri pa chaka. Chimene ndasiya chiyenera kukwanira nyimbo iliyonse ndi woimba aliyense wofuna kutsitsiridwa kiyi. Ndiye ndimachuna mofanana, ndipo ndimadziwa kuti ndalondola powerenga kugunda komwe Mayi akudana nakoko. F ndi A apansi pa C wapakati ayenera kugunda pafupifupi ka 7 pa sekondi. Akakhala phee ndiye kuti ndalakwitsa.

Koma musaganize kuti zinachitika tsiku limodzi. Alexander Ellis, amene anayambitsa muyezo wa masenti, anayeza mapiyano ochunidwa ndi amisiri a ku London m'zaka za m'ma 1880, n'kupeza kuti zimene ankati n'zofanana sizinali zofanana ndendende.

Mwana_wa_ku_Nsanje
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba ngati dziko lonse lili ndi do, mi, so. Kwathu valimba saichuna choncho. Okitevu imagawidwa masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo mmisiri amasema mtengo uliwonse mpaka khutu lake litavomera. Timbila za Achopi ku Mozambique nazonso zili chapomwepo. Malume anga ankaimba valimba. Anyamata ena a bandi anawapempha kuti aiseme igwirizane ndi kiyibodi kuti ajambule nawo nyimbo. Anavomera, anasema. Nyimbo inajambulidwa, koma pambuyo pake nyimbo zawo zakale sizinkamvekanso mmene ankazidziwira, ndipo mtengo ukasemedwa subwerera. Kwa ine chotayika chachikulu ndi chimenecho, osati masenti 14.

Aphunzitsi_Masamu
1200 kugawa 7 ndi masenti 171. Masitepe awiri ndi 343, pakatikati pa mi wa khodi yachimwemwe, 400, ndi wa khodi yachisoni, 300. Pa kiyibodi palibe batani limeneli. Ndiye malume anu anayenera kusankha mbali pa mtengo uliwonse.

Tenala_ku_Leeds
Komatu zimenezi zikusonyeza kuti kugawa mofanana si kwa Azungu okha. Makolo athu anafika pa nzeru yomweyo, kuti nyimbo uyambire pa mtengo uliwonse.

Mwana_wa_ku_Nsanje
Mwina, Bambo. Koma ma valimba awiri a amisiri awiri safanana ndendende, ndipo palibe amati winayo walakwitsa. Kiyibodi ya ku Nsanje ndi ya ku Leeds ndi imodzi.

Mayi_Alito_Zomba
Ndabwerera. Nkhani ya malume yandikhudza, mwanawe. Dzulo ine ndi mnyamata wathu tinafufuza m'kiyibodi n'kupeza malo olembedwa `Scale Tune`, muli `Equal`, `Pure Major`, `Mean-Tone`, `Werckmeister` ndi zina. Tinaika `Pure Major` pa C. Khodi ya do, ya fa ndi ya so zinakhazikika moti misozi inalengeza. Ndinati basi tapeza mankhwala. Koma nyimbo yathu ili ndi khodi ya re, fa, la, ndipo titafika pamenepo zinalira moipa kuposa kale. Talakwitsa pati?

Aphunzitsi_Masamu
Simunalakwitse, Mayi, mwapeza mmbulu wanu. Kuti khodi ya so ikhale yoyera, re ayenera kukhala so wa so, 9 pa 8. Kuti khodi ya fa ikhale yoyera, la ayenera kukhala mi wa fa, 5 pa 3. Tsopano yezani kuchokera pa re kufika pa la: masenti 680 m'malo mwa 702. Mu kiyi imodzi yomweyo, osasintha n'komwe, mukufunika ma re awiri osiyana ndi masenti 21 ndi theka. Kwaya yanu ili nawo onse awiri, imasuntha osadziwa. Batani la D ndi limodzi.

Kiyibodisti_wa_Bangwe
Ndiye ndinanena zoona kuti kwaya imatsika! Ikamasuntha chonchi imathera pati?

Madala_Wochuna
Pamenepo muli ndi mfundo, achimwene. Kwaya ikaimba do, la, re, so, do, n'kusunga noti iliyonse yogawana pakati pa makhodi oyandikana, khodi iliyonse ili yoyera, imabwerera pa do wotsika ndi masenti 21 ndi theka. Kasanu, yatsika sitepe yonse. Koma makwaya ambiri amene ndawamva akutsika chifukwa chake ndi mpweya ndi kutopa, osati samu imeneyi. Oimba abwino amakumbukira do woyamba n'kubweza pang'onopang'ono m'njira.

Mayi, ine ndikanakhala inu ndikanayesa `Mean-Tone` pa nyimbo imeneyo. Re ndi la sadzalira, mi adzakhala woyera. Chofunika n'chakuti pa nyimbo iliyonse mnyamatayo aziuza kiyibodi do wake, chifukwa akaiwala n'kuyamba nyimbo ya mu Ab makina ali pa C, mpingo wonse udzamva. Njira ina yosavuta: siyani pa `Equal`, koma pa khodi yomaliza ndi paliponse pamene mawu akukhalitsa, iye agwire do ndi so okha, mi awasiyire alito.

Besi_Wamkulu
Njira yachiwiriyo ndiye yanzeru. Zosintha makina pakati pa mapemphero zidzakugwetsani tsiku lina. Ndipo ndinenebe: anthu a mumpingo anakulira pa wailesi ndi kiyibodi, mi wa 400 ndiye amene amamudziwa. Mukawapatsa wa 386 ena adzati alito atsika.

Mayi_Alito_Zomba
Zimenezo sindikuvomera, Bambo. Alito anga anakuliranso pa wailesi yomweyo, palibe anawaphunzitsa 386, koma akasiyidwa okha amapita pomwepo.

Besi_Wamkulu
Pa khodi yokhalitsa, inde. Muwamvere akamathamanga ndi nyimbo, kapena ti akamakwera kupita kwa do. Ndikukhulupirira mudzapeza kuti amakweza, satsitsa.

Madala_Wochuna
Pa ti Bambo akunena zoona, oimba vayolini nawonso amakonda kumukweza akamatsogolera nyimbo okha. Khutu limafuna china pa mzere wa nyimbo, china pa khodi.

Mayi_Alito_Zomba
Loweruka pa pulakatisi ndijambula pa foni katatu: kwaya yokha, kwaya ndi `Mean-Tone`, kenako `Equal` mnyamata atasiya mi. Ndidzaika pano osanena kuti iti ndi iti. Bambo Besi_Wamkulu, mudzayambe ndinu kusankha. Aphunzitsi, pali njira yoyezera masenti a alito okha pamene ena onse akuimba, kapena ndiwajambule paokha besi atawagwirira do?